Mawu atatu a pa fomu ya ku banki amene amasokoneza anthu ambiri

Aliyense amene adaimapo pamzere mu banki ina ya mu Victoria Avenue, ku Ginnery Corner kapena ku Limbe sabata yotsegulira sukulu, amadziwa kuti khamu silikhala pa kauntala pokha, koma limaunjikananso pa kathebulo ka mafomu kamene pamakhala cholembera chomangidwa ndi chingwe. Pamenepo mumaona bambo wachikulire atavula chipewa, fomu ili m'manja, akufunsa mnyamata amene sakumudziwa n'komwe kuti, "Achimwene, apa ndilembe dzina langa kapena la mwana?" Bamboyo ndalama ali nazo, kuwerenga amatha, ndipo chimene wabwerera akuchidziwa bwino lomwe. Chimene chamuimitsa ndi mawu a Chingerezi amene ali pa fomuyo, omwenso amawapeza pa makina a ATM ndi pa foni akafuna kutumiza ndalama.

Mawu amene amavutitsa kwambiri ndi atatu: Balance, Beneficiary ndi Withdrawal. Awiri oyambawo amasokoneza chifukwa tidawazolowera kale m'malo ena, kumene ali ndi tanthauzo losiyana ndi la ku banki. Kuti timvetse bwino, tiyerekeze mayi wina wa ku Ndirande amene amasoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo Lolemba m'mawa akufuna kuchita zinthu ziwiri: kulipirira mwana wake fizi ya K300,000 ku sukulu yogonera konko, ndi kutapa K50,000 yokagulira nsalu ku Limbe. Ziwerengero zonse za m'nkhaniyi ndi zongoyerekeza, kuphatikizapo ndalama zimene banki imadula, chifukwa banki iliyonse ili ndi mitengo yake.

Akaunti ndi buku la ngongole ya banki kwa inu

Munthu akasungitsa ndalama ku banki, sikuti kumeneko kuli kabokosi kolembedwa dzina lake komwe mapepala ake a K5,000 akusungidwa. Ndalamazo zimasakanikirana ndi za anthu ena onse, ndipo chimene chimatsala ndi cholembedwa chosonyeza kuti banki ili ndi ngongole yakutiyakuti kwa munthuyo. Amene ali mu banki m'khonde akudziwa kale zimenezi, chifukwa ndalama za gulu zimakhala m'bokosi limodzi kapena zili kunja kwa anthu amene abwereka, koma buku la mlembi ndi limene limanena kuti mayi uje ali ndi masheya angati. Akaunti ndi tsamba lanu m'buku lotero, ndipo nambala ya akaunti ndi nambala ya tsambalo.

Mfundo imeneyi ndi imene imamasula mawu awiri amene amabwera m'mauthenga a pa foni. Uthenga ukanena kuti akaunti yanu ili credited, ndiye kuti ndalama zalowa, ndipo ukanena kuti ili debited, ndiye kuti ndalama zatuluka. Ambiri amadabwa nazo chifukwa pa golosale mawu akuti kirediti amatanthauza kutenga katundu pangongole. Ku banki nakonso ngongole ilipodi, koma wangongoleyo ndi banki: ndalama zanu zikalowa, ngongole yake kwa inu yakula, ndipo zikatuluka, yachepa. Pa sitetimenti, limene ndi pepala losonyeza zonse zimene zalowa ndi kutuluka, mawu awiriwa amafupikitsidwa kukhala Cr ndi Dr.

Balance: ndalama zotsala, koma zotsala kwa yani?

M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, munthu akati "ndatsala ndi balansi ya fizi" kapena "balansi ya lendi ndidzapereka pa 15", amatanthauza ndalama zimene sadamalize kulipira. Choncho balansi tidaizolowera ngati ngongole. Pa akaunti yosungira ndalama, Account Balance ndi ndalama zanu zimene zatsala pambuyo pophatikiza zonse zolowa ndi kuchotsera zonse zotuluka. Tanthauzo lathu lija limabwereranso pa akaunti ya ngongole, chifukwa kumeneko Outstanding Balance ndi ndalama zimene simudabwezebe ku banki. Mawuwo ndi amodzi, ndipo chimene chimakuuzani mwini ndalamazo ndi mtundu wa akaunti imene mukuyang'ana.

Vuto lenileni limayamba pamene makina akuonetsa mabalansi awiri. Mayi wathu wa ku Ndirande asananyamuke wayang'ana pa foni, ndipo waona izi:

```
Ledger Balance:     MWK 412,000.00
Available Balance:  MWK 347,000.00
```

Mzere woyamba, umene mabanki ena amaulemba kuti Current Balance kapena Book Balance, ndi ndalama zolembedwa m'buku la banki. Mzere wachiwiri ndi ndalama zimene mayiyo angathe kugwiritsa ntchito panthawi imeneyo. Kusiyana kwake ndi K65,000, ndipo palibe amene waba ndalamazi. Loweruka madzulo mayiyo adagula zinthu za K60,000 m'sitolo ina ku Chichiri pogwiritsa ntchito khadi. Banki idagwira ndalamazo nthawi yomweyo kuti zisagwiritsidwenso ntchito kwina, koma sidazichotsebe m'buku chifukwa kulipirana kwa banki yake ndi banki ya sitoloyo sikudathe. K5,000 inayo ndi Minimum Balance, ndalama zochepetsetsa zimene mtundu wa akaunti yake umafuna kuti zizikhalamo nthawi zonse.

Zili ngati matumba khumi a chimanga amene ali m'nyumba, koma awiri mwa iwo mudagulitsa kale ndipo mwini wake adzawatenga mawa, pamene limodzi mudalipatula kuti ndi mbewu. Mlendo akawerenga apeza matumba khumi, ndipo sakunama, koma inu mukudziwa kuti okagayitsa ndi asanu ndi awiri. Popanga mapulani a tsiku limenelo, mzere woyenera kuudalira ndi wachiwiri. Mayi wathu adayang'ana woyamba, n'kuona kuti K412,000 ikwanira bwinobwino fizi ndi nsalu, ndipo tiona kutsogoloku kumene kuwerengera kotereku kudamufikitsa.

Nthawi zina balansi imaoneka ndi kamzere kochotsera kutsogolo kwake, kapena ndi zilembo Dr kumapeto. Zikatero ndiye kuti zinthu zatembenuka, inu ndi amene muli ndi ngongole ku banki. Izi zimachitikira ngakhale munthu amene sadabwerekepo, makamaka pa akaunti imene imadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi koma mwini wake adasiya kuikamo kanthu. Tsiku limene wachibale adzatumize ndalama pa akaunti yotero, banki imayamba yatengako zake, ndipo mwini akaunti amapeza zochepa kuposa zimene adauzidwa pa foni.

Beneficiary pa fomu yotumizira ndalama

Pa wailesi mawu amenewa timawamva akumasuliridwa kuti "opindula", monga opindula ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo kapena ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Kumasulirako n'kolondola kumeneko, koma munthu akabwera nako pa fomu ya ku banki kumamusocheretsa. Mayi wathu akadzifunsa kuti wopindula ndi fizi imeneyi ndani, yankho lake likhala lakuti ndi mwana, ndipo alemba dzina la mwanayo. Koma banki sikufunsa za amene athandizike ndi ndalamazo. Ikufunsa za mwini akaunti imene ndalamazo zikukalowa. Pa fomu yotumizira ndalama, Beneficiary ndi wolandira, ndipo pa nkhani ya fizi wolandirayo ndi sukulu.

Choncho pamene palembedwa Beneficiary Name, mayiyo alembe dzina la akaunti ya sukulu monga momwe lalembedwera pa kalata ya fizi, osati dzina lachidule limene anthu amaitchulira sukuluyo. Pa Beneficiary Account Number alembe nambala ya akaunti ya sukulu, ndipo pa Beneficiary Bank alembe banki imene sukuluyo imasungako ndalama, imene ingathe kukhala yosiyana ndi banki imene iye waimamo. Dzina lake ndi nambala ya akaunti yake zili ndi malo ake ena, amene mafomu osiyanasiyana amawatchula kuti Applicant, Remitter kapena Ordering Customer, ndipo onsewa akutanthauza wotumiza.

Nanga dzina la mwana lipite pati? Pali kabokosi kamene anthu ambiri amakadumpha poganiza kuti n'kopanda ntchito, kolembedwa Reference, Narration kapena Payment Details. Mmenemo ndi mmene mumalowa dzina la mwana, kalasi yake, ndi nambala yake ya kusukulu ngati ali nayo. Wosunga chuma wa pasukulu akatenga sitetimenti sabata imeneyo amapeza mizere yambirimbiri ya K300,000 yofanana ndendende, ndipo chimene chimamuuza kuti iyi ndi ya mwana uti ndi mawu a m'kabokosi kameneka. Dzina la wotumiza silithandiza nthawi zonse, popeza ana ambiri amalipiriridwa ndi amalume, azakhali kapena mayi amene dzina lawo ndi losiyana ndi la mwanayo. Kabokosiko kakakhala kopanda kanthu, ndalama zimafika ndithu, koma mwana angathe kuitanidwa ku ofesi ngati sadalipire mpaka kholo litapita kapena kutumiza risiti.

Dzina la mwana likalembedwa pamalo a wolandira, pamodzi ndi nambala ya akaunti ya sukulu, pali njira ziwiri zimene nkhaniyo ingayendere. Wogwira ntchito pa kauntala kapena banki yolandira ingaone kuti dzina ndi nambala sizikugwirizana, n'kubweza fomu kapena ndalamazo, zimene zimadya masiku. Kapenanso ndalamazo zingadutse motsatira nambala yokha. Njira yachiwiriyi ikutiphunzitsa chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi chachikulu pa fomu yonse: makina amayendera nambala. Mukalakwitsa chiwerengero chimodzi, n'kupezeka kuti nambala yolakwikayo ndi akaunti ya munthu wina, ndalama zingathe kulowa kwa munthuyo, ndipo kuzibweza kumafuna kulemba dandaulo ndi kudikira kuti banki ilumikizane naye. N'chifukwa chake pa foni, mukalemba nambala n'kuona dzina la mwini akaunti litatuluka, muyenera kuliwerenga musanavomereze, monga momwe timachitira potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pa pepala palibe chokuonetsani dzina, choncho werengani nambalayo kawiri, kachiwiriko mukuloza chiwerengero chimodzichimodzi pa kalata ya sukulu.

Pa foni palinso mawu akuti Add Beneficiary, amene ena amawaopa poganiza kuti akupatsa munthu wina mphamvu pa akaunti yawo. Kumeneko n'kungosunga dzina ndi nambala ya munthu amene mumamutumizira kawirikawiri, monga momwe mumasungira nambala ya foni, ndipo munthuyo sangaone kapena kutapa ndalama zanu.

Mayi wathu walemba zonse molondola ndipo fizi yapita. Tiyerekeze kuti banki yadula K1,000 ya ntchito yotumizayo. Pa K347,000 ija pachoka K301,000, ndipo zimene angagwiritse ntchito tsopano ndi K46,000.

Withdrawal: kutapa ndalama

Withdrawal ndi kutapa ndalama, kutanthauza kutulutsa ndalama mu akaunti yanu, pamene Deposit ndi kuika kapena kusungitsa ndalama. Mapepala a ntchito ziwirizi amakhala pa kathebulo kamodzi ndipo amafanana kukula, choncho chinthu choyamba n'kuwerenga mutu wa pepala musanalembepo kanthu.

Mayiyo watuluka panja kuti akatape K50,000 pa makina a ATM, walowetsa khadi ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo makinawo ayankha kuti Insufficient Funds, kutanthauza kuti ndalama sizikukwanira. Akayang'ana mzere woyamba uja, akuona K111,000, ndipo m'pomveka kuti mtima wake ukupsa, poganiza kuti banki ikumukaniza ndalama zake zomwe. Koma makinawo akuwerenga mzere wachiwiri, pamene pali K46,000. Ngakhale atapempha K46,000 yeniyeniyo angathe kukanidwanso, chifukwa kutapa nakonso kuli ndi mtengo wake umene uyenera kuchoka pa ndalama zomwezo. Tikati mtengowo ndi K500, mayiyo angatape K45,000, ndipo pa mzere wachiwiri patsala K500. K60,000 ya ku Chichiri ija ikadzachotsedwa m'buku, mzere woyamba udzatsika kufika pa K5,500, imene ndi K5,000 yosakhudzidwa ija kuphatikizapo K500 yotsalayo. Akadadziwa izi ali kunyumba, akadanyamula K5,000 ina ya m'thumba kuti nsalu ikwanire.

Si kukanidwa konse kumene kumatanthauza kuti ndalama zachepa. Khadi iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingatape pa tsiku, ndipo uthenga wokhala ndi mawu akuti Limit Exceeded ukunena za malirewo, osati za balansi. Zikatero munthu amalowa mkati kukatapa pa kauntala kapena amadikira tsiku lotsatira. Palinso nthawi imene makina amalira ngati akuwerenga ndalama, osatulutsa kanthu, koma uthenga wakuti debited n'kufika pa foni. Kubwezeretsa ndalama zotero kumatchedwa Reversal. Nthawi zina zimabwerera zokha, koma zikapanda kutero muyenera kukadandaula ku banki yanu, imene idakupatsani khadi, ngakhale makinawo atakhala a banki ina, ndipo mudzafunsidwa tsiku, nthawi, malo a makinawo ndi kuchuluka kwa ndalama. Uthenga wa pa foni uja musaufufute.

Akadasankha kutapa pa kauntala, mayiyo akadakumana ndi mizere iwiri imene imafunsa chinthu chimodzi. Amount in Figures ikufuna ndalamazo m'manambala, K45,000, ndipo Amount in Words ikufuna ndalama zomwezo m'mawu, Forty five thousand kwacha only. Kubwerezaku kuli ndi chifukwa chake: n'kosavuta kuti munthu wachinyengo awonjezere ziro kumapeto kwa nambala, koma n'kovuta kusintha mawu popanda kuonekera, ndipo liwu lomalizalo limatseka mzere kuti pasawonjezeredwe kanthu. Mizere iwiriyi ikasiyana, pepalalo limabwezedwa. Mukalakwitsa, musadetse pamalopo ndi inki. Ndi bwino kutenga pepala lina, ngakhale kuti nthawi zambiri amalola kudula mzere umodzi pa cholakwikacho ndi kusaina pambali pake.

Siginecha ndi imene imabwezetsa anthu ambiri achikulire. Tsiku lotsegula akaunti mudasaina pa fomu, ndipo banki idasunga chithunzi cha siginecha imeneyo kuti izifananitsa ndi ina iliyonse imene mudzasaine. Munthu amene adatsegula akaunti zaka 15 zapitazo, dzanja lake lidasintha, ndipo mwina adaiwala ngati adalemba dzina lonse kapena zilembo zoyamba zokha. Zikatero, m'malo molimbana ndi wa pa kauntala, amene akungoteteza ndalama zanu, pemphani kuti musinthe siginecha yosungidwayo, mutatenga chiphaso chanu cha unzika. Amene satha kulemba amadinda chala, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chosaina pepala lopanda kanthu n'kupatsa munthu wosamudziwa kuti alembe zotsalazo. Ngati mukufuna thandizo, pitani pa tebulo lothandizira makasitomala, ndipo musaine pomaliza, ndalama zitalembedwa kale m'manambala ndi m'mawu.

Beneficiary wina uja, ndi Next of Kin

Liwu lakuti Beneficiary limapezekanso pa mafomu a penshoni ndi a inshuwalansi ya moyo, kuphatikizapo inshuwalansi ya maliro imene mabanki ena amagulitsa, ndipo kumeneko tanthauzo lake ndi lina. Beneficiary wa pa fomu zotere ndi munthu amene mukumusankha kuti adzalandire ndalamazo inu mukadzamwalira. Mungathe kulemba anthu angapo, aliyense ndi gawo lake pa 100, mwachitsanzo 40 kwa mkazi kapena mwamuna wanu ndi 20 kwa aliyense wa ana atatu, bola magawo onse akaphatikizidwa akwane 100. Apa dzina la mwana likhoza kulembedwa pamalo a wolandira, mosiyana ndi pa fomu ya fizi ija, ndipo liyenera kulembedwa monga momwe lilili pa chiphaso chake kapena pa kalata yake ya kubadwa.

Pa fomu yotsegulira akaunti, funso limene limapezeka kawirikawiri ndi Next of Kin, ndipo ambiri amakhulupirira kuti amene alembedwa pamenepo ndiye mwini ndalama mwini akaunti akamwalira. Chikhulupiriro chimenechi chadanitsa abale pa maliro ambiri. Next of Kin ndi wachibale wapafupi amene banki ingalumikizane naye ikalephera kukupezani kapena mukagwa m'mavuto. Kulembedwa pamenepo pakokha sikumupatsa ndalamazo. Banki ikadziwitsidwa za imfa imaimitsa kutapa pa akauntiyo, ndipo ndalama zimene zilimo zimakhala gawo la chuma chamasiye, chimene m'dziko muno chimayendetsedwa ndi lamulo la chuma chamasiye la chaka cha 2011. Ngati malemuyo adasiya wilo, chumacho chimagawidwa motsatira wiloyo, ndipo ngati sadasiye, lamulolo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena amene ankadalira iye. Banki imafuna kuona kalata ya imfa ndi zikalata zovomerezeka zosonyeza amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo mabanja ambiri amayambira ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lawo, ku khoti kapena ku ofesi ya boma yoona za chuma chamasiye.

Choncho mayi wathu, amene adatsegula akaunti ali mtsikana n'kulemba mchimwene wake ngati Next of Kin, sadapereke ndalama za ana ake kwa mchimweneyo. Komabe pali chimene ayenera kukonza, chifukwa nambala ya foni imene adalemba nthawi imeneyo mwina idasiya kugwira ntchito kalekale, ndipo banki ikafuna kupeza banja lake iyambira pa nambala imeneyo. Kusintha kwake n'kongopempha fomu yosinthira mbiri ya kasitomala pa tebulo lothandizira anthu, atatenga chiphaso cha unzika. Fomu ya inshuwalansi ya maliro kapena ya penshoni, ngati ali nayo, ndi pepala lina lapadera limene silisintha lokha akasintha za ku akaunti, ndipo ngati padabadwa mwana wina chilembereni fomuyo, ayenera kukailembanso kuti dzina la mwanayo lilowe ndi gawo lake.